Kayankhidwe ka funso la ndime imodzi papepala la mafunso

Papepala la mafunso limene aphunzitsi amagawa m'kalasi pamakhala mafunso ena ofuna liwu limodzi, ena ofuna kusankha yankho, kenako kumunsi kumakhala funso limene latsatidwa ndi mizere yopanda kanthu, mwina 6, mwina 8. Pamizere imeneyi m'pamene malikisi ambiri amatayikira, ndipo kawirikawiri amene amawataya si ophunzira osadziwa kanthu ayi. Ndi aja amene akudziwa zambiri koma amazikhuthula zonse mosasanja, mpaka mizere kutha funso lisanayankhidwe. Malangizo awa ndi a inu ophunzira a Sitandade 8 mpaka Fomu 2, komanso makolo ndi achibale amene mumakhala nawo pansi madzulo kuwathandiza ntchito ya kusukulu. Zitsanzo ndazilemba m'Chichewa, koma njira yake ndi yomweyo ngakhale phunzirolo muziyankha m'Chingerezi.

Tigwiritsa ntchito funso limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti papepala palembedwa motere:

"Fotokozani mmene kudula mitengo m'mapiri kumaikira pa ngozi anthu okhala m'munsi mwa phiri nthawi ya mvula. (malikisi 6)"

Ndipo pansi pake pali mizere 8.

1. Dulani mzere kunsi kwa mawu olamula ndi mawu oika malire

Cholembera chisanafike pamizere yoyankhira, chiyambe chagwira ntchito pafunso lenilenilo. Funso lililonse lili ndi mneni amene akukulamulani chochita. Pano mneniyo ndi "fotokozani". Akadati "tchulani", mukadangondandalika zinthu zitatu n'kupita patsogolo, ndime osafunika. Koma "fotokozani mmene" akufuna kuti muonetse njira imene chinthu china chimabweretsera chinzake: mtengo wagwa, kenako chachitika n'chiyani, mpaka munthu wa m'munsi uja n'kupezeka ali pa ngozi.

Mukatero funani mawu oika malire. M'funso lathuli alipo atatu: "m'mapiri", "okhala m'munsi" ndi "nthawi ya mvula". Mawu amenewa akukuuzani zimene simuyenera kulemba. Kusowa kwa nkhuni ndi vuto lenileni lobwera chifukwa chodula mitengo, koma silikhudzana ndi mvula. Kutha kwa mthunzi n'koona, koma si ngozi ya munthu wa m'munsi mwa phiri. Mfundo ngati zimenezi, ngakhale zili m'kope mwanu ndipo mudaziloweza bwino, pafunso ili zilibe malo.

2. Yezani malo amene mwapatsidwa

Mizere ndi malikisi zimakuuzani kukula kwa yankho. Werengani mawu amene mumalemba pamzere umodzi m'kope mwanu. Ambiri, polemba Chichewa ndi zilembo zapakatikati, amakwanitsa mawu 6 kapena 7, poti mawu athu ndi ataliatali. Ndiye mizere 8 ikupatsani mawu pafupifupi 48 mpaka 56, omwe ndi ziganizo 4 kapena 5. Palibe malo a mawu otsogolera, palibenso malo a malangizo opita kwa boma.

Malikisi nawo ali ndi uthenga. Aphunzitsi ambiri, pafunso loti "fotokozani", amapereka malikisi awiri pa mfundo iliyonse, ina chifukwa chotchula mfundoyo, ina chifukwa choitambasula. Malikisi 6 ndiye kuti mfundo zitatu zofotokozedwa bwino. Si onse amachonga choncho, ndipo n'kwabwino kuwafunsa aphunzitsi anu mmene iwo amagawira, koma mukapanda kuuzidwa, kuwerengera kotereku sikukusocheretsani kwambiri. Mfundo 6 zongotchula popanda kufotokoza nthawi zambiri zimathera pa theka la malikisi.

3. Lembani mfundo m'mbali, mwa mawu awiriawiri

Tengani pensulo. M'mphepete mwa pepala, kapena kuseri kwake, lembani zonse zimene zikubwera m'mutu, koma mawu awiri kapena atatu okha pa mfundo. Wophunzira wa ku Ndirande kapena ku Chilobwe, amene phiri amaliona tsiku lililonse akamapita kusukulu, sangasowe zolemba. Mwina angalembe izi: mizu imagwira dothi, madzi amathamanga, ngalande zimatsekeka, makala, mvula imachepa, nyama zimathawa.

Tsopano bwererani ku mawu oika malire aja n'kuyamba kufufuta. Makala ndi chifukwa chimene anthu amadulira mitengo, pomwe funso likufuna zotsatira zake, choncho achoke. Kuthawa kwa nyama sikuika munthu pa ngozi ya mvula. Kuchepa kwa mvula nakonso kukulozera kwina. Zatsala zitatu: mizu, kuthamanga kwa madzi, ndi kutsekeka kwa ngalande. Ziikeni m'ndondomeko imene zimachitikira, kuchokera pamwamba pa phiri kutsika kumunsi. Ntchito yonseyi isapitirire mphindi ziwiri.

4. Chiganizo choyamba chikhale yankho lenilenilo

Apa m'pamene ndikhalitse, chifukwa ndime yonse imaima kapena kugwa pa chiganizo chimenechi. M'mabuku ena amachitcha chiganizo chotsogolera, ena chiganizo cha mutu. Ntchito yake ndi yoti aphunzitsi akawerenga chokhacho, n'kuphimba zotsalazo ndi dzanja, adziwe kale yankho lanu. Kondakitala wa minibasi samayamba ndi kufotokoza ubwino wa galimoto yake, amangofuula kuti "Limbe! Limbe!" ndipo wokwera amadziwiratu kumene akupita.

Chimene chimativuta ambiri ndi kaleredwe kathu, komwe ndi kabwino ndithu. Tidaphunzitsidwa kuti pamaso pa akulu nkhani sungoyamba ndi pachimake. Umayamba ndi malonje, kuzungulira pang'ono, kenako n'kufika pa chimene wabwerera. Ndiye mwana akaona mizere yoyankhira amachitanso malonje: "Mitengo ndi yofunika kwambiri pa moyo wa munthu." Chiganizo chimenechi chilibe bodza, koma chingakhale pamwamba pa funso lililonse la mitengo, kaya la zipatso, kaya la mankhwala azitsamba. Ngati chiganizo chanu choyamba chingakwanire pafunso lina osasintha kanthu, dziwani kuti sichinayankhe funso lanu.

Kapangidwe kake n'kosavuta. Tengani mawu a m'funso momwemo, chotsani mneni wolamula uja, muwasandutse chiganizo chonena, kenako muonjezere "chifukwa" ndi ganizo limodzi lomanga mfundo zanu zitatu pamodzi. Mbali yoyamba ituluka yokha: "Kudula mitengo m'phiri kumaika anthu okhala m'munsi pa ngozi…" Ambiri amaika mpumiro pomwepa n'kuganiza kuti atha. Koma apa mwangobwereza funso, simunaonjezerepo chilichonse chanu. Mbali yachiwiri ndiyo yankho. Yang'anani mfundo zitatu zija m'mbali mudzifunse kuti zikufanana pati. Mizu yagwira dothi, masamba achedwetsa madzi, ngalande zadzaza dothi: zonsezi zikunena za dothi ndi madzi zimene zikutsika popanda choziletsa. Ndiye chiganizo chathu chikhala chotere:

"Kudula mitengo m'phiri kumaika anthu okhala m'munsi pa ngozi chifukwa nthaka ndi madzi zimasowa choziletsa kutsika."

Taonani kuti sichinatchule mizu, masamba kapena ngalande. Zimenezo zikubwera. Wina amafuna kulongeza mfundo zonse zitatu m'chiganizo choyamba, ndipo chimatalika mpaka mizere inayi, kenako ziganizo zotsatira zimangobwereza zomwezo. Winanso amaika mfundo imodzi yokha, monga "Kudula mitengo kumapha mizu", ndiye akafika pa za ngalande zimaoneka ngati wasintha nkhani. Chiganizo choyamba chikhale chotakata moti mfundo zonse zitatu zilowemo, koma chosatakata mpaka kulola makala ndi nyama kubwereranso.

Palinso kayambidwe kena kamene ndimakakana m'kalasi mwanga: "Mu ndime iyi ndifotokoza mmene kudula mitengo kumaikira anthu pa ngozi." Uku n'kulonjeza yankho m'malo molipereka. Pa chimangirizo cha masamba awiri mwina n'kukhululuka, koma pa mizere 8 mwataya iwiri pachabe.

5. Mfundo iliyonse ifike mpaka pa munthu amene funso likumunena

Tsopano mfundo iliyonse ya m'mbali ija isanduke chiganizo chimodzi. Vuto limene limabwera apa ndi kuima panjira. Wophunzira amalemba kuti, "Mizu imagwira dothi." N'zoona, ndipo malikisi imodzi angaipeze. Koma funso likunena za anthu okhala m'munsi, ndipo m'chiganizo chimenechi mulibe munthu, mulibe nyumba, mulibe mvula.

Mankhwala ake ndi kafunso kakang'ono kamene mumadzifunsa mukangomaliza kulemba mfundo: ndiye zitani? Mizu ikafa dothi limamasuka. Ndiye zitani? Mvula ikagwa yambiri dothilo limakhuta madzi n'kulemera. Ndiye zitani? Limagumuka. Ndiye zitani? Limakwirira nyumba za m'munsi. Mukafika pa nyumba, imani, mwafika pamene funso limafuna. Kenako mangani masitepe onsewa m'chiganizo chimodzi chachifupi: "Mizu ikafa, dothi limamasuka ndipo likakhuta madzi limagumuka n'kukwirira nyumba."

Chitani chimodzimodzi ndi mfundo yachiwiri. Pansi pa mitengo pamakhala masamba ogwa ndi zinyalala zowola, zimene zimachedwetsa madzi kuti apeze mpata wolowa pansi. Pamalo poyera madontho a mvula amamenya dothi mwachindunji, timabowo ta pamwamba timatsekeka, ndipo madzi amangoyenda pamwamba akuonjezera liwiro chifukwa cha kutsetsereka. Zonsezi simungazilembe pamizere iwiri, koma kuzidziwa kumakuthandizani kusankha mawu oyenera. Mfundo yachitatu ndi ya dothi lokokolokalo, limene silimangosowa koma limakaunjikana m'ngalande ndi m'mitsinje, ngati mmene mumaonera mumtsinje wa Mudi mvula ikagwa madzi ali psuu.

Pakati pa ziganizo ikanipo alumikizi, koma musankhe oona. "Komanso" amatanthauza kuti mukuonjezera mfundo ina yofanana kulemera. "Choncho" ndi "motero" amatanthauza kuti chimene chikubwera ndi chotsatira cha chimene mwangonena. "Koma" ndi "ngakhale" amatembenuza nkhani. Ndimaona ana ambiri akuyamba chiganizo chilichonse ndi "choncho" ngati chokometsera, pomwe palibe chotsatira chilichonse. Wochonga akaona "choncho" amayang'ana kumbuyo kufuna chifukwa, ndipo akachisowa amadziwa kuti mfundo zanu sizinalumikizane m'mutu mwanu.

Ndime yonse, itasonkhanitsidwa, nayi:

"Kudula mitengo m'phiri kumaika anthu okhala m'munsi pa ngozi chifukwa nthaka ndi madzi zimasowa choziletsa kutsika. Mizu ikafa, dothi limamasuka ndipo likakhuta madzi limagumuka n'kukwirira nyumba. Komanso popanda masamba ogwa pansi, madzi salowa m'nthaka koma amathamanga pamwamba n'kugwetsa makoma. Pomaliza, dothi lokokolokalo limadzaza ngalande ndi mitsinje, choncho madzi amasefukira m'nyumba za anthu."

Ndi mawu 52, ziganizo 4, ndipo ikukwana pamizere 8 ija. Chiganizo chilichonse cha mfundo zitatu zija chathera pa nyumba kapena pa makoma, kutanthauza kuti palibe mfundo imene yaima panjira.

Tsopano iyerekezeni ndi yankho la mtundu umene umabwera kawirikawiri:

"Mitengo ndi yofunika kwambiri pa moyo wa munthu. Imatipatsa nkhuni, mthunzi, zipatso ndi mankhwala. Anthu ambiri amadula mitengo chifukwa cha umphawi. Izi zimabweretsa kukokoloka kwa nthaka. Boma liyenera kuletsa kuotcha makala ndipo tonse tibzale mitengo."

Chichewa chake n'chabwino, zilembo mwina n'zokongola, ndipo mwana amene walemba izi amatuluka m'kalasi akumwetulira. Koma mwa ziganizo 5, chimodzi chokha, cha kukokoloka kwa nthaka, n'chimene chayandikira funso, ndipo nachonso sichinafike kwa anthu a m'munsi. Pepala likabwera ndi malikisi 1 mwa 6 amadabwa, nthawi zina n'kumati aphunzitsi amamuda.

6. Za chitsanzo, ngati malo alipo

Aliyense wa mu Blantyre akawerenga funso lathuli amakumbukira Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagwetsa mvula yosalekeza ndipo matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Chitsanzo chotere chimalimbitsa yankho, pokhapokha chikhale chachifupi ndiponso chili pamalo pake. Malo ake ndi kumapeto kwa mfundo imene chikuchitira umboni: "…limagumuka n'kukwirira nyumba, monga zidachitikira ku Chilobwe mu 2023." Mawu 6 okha aonjezeredwa. Ngati mizere ili 10 alowa bwinobwino, koma ngati ili 8 ndipo zilembo zanu n'zazikulu, chitsanzo chisiyeni, mfundo yachitatu isasowe malo.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi woti chitsanzo chimakoka mtima, makamaka kwa mwana amene adaziona ndi maso, ndiye amayamba kusimba za usiku umenewo mpaka mizere yonse kutha. Nkhani imeneyo ili ndi malo ake m'chimangirizo, osati pano. Wachiwiri ndi kunena mopitirira zimene mukudziwa. Musalembe kuti ngozi ya ku Chilobwe idachitika chifukwa cha kudula mitengo kokha. Mvula idali yochuluka modabwitsa, phiri ndi lotsetsereka, ndipo nyumba zina zidamangidwa pamtunda kwambiri. Kudula mitengo kumaonjezera ngozi, ndipo "kumaonjezera" ndi mawu amene mungawaikire kumbuyo wina atakufunsani.

Nanga chiganizo chomaliza chomangira ndime? Ena adaphunzitsidwa kuti ndime iliyonse izitsekedwa ndi "Choncho taona kuti…" Ngati aphunzitsi anu amachifuna, kapena malangizo a papepala atero, chilembeni mwachidule. Kupanda apo, pa yankho la mizere yosakwana 10 ine ndimaona kuti chimangobwereza chiganizo choyamba, ndipo malo amenewo ndi bwino kuwapatsa mfundo.

7. Funso likasintha mtundu

Masitepe ndi omwewa, chimasintha ndi chiganizo choyamba. Funso lofuna maganizo anu, monga "Kodi n'koyenera kuti mavenda azigulitsira malonda m'mphepete mwa misewu ya mu Limbe? Perekani zifukwa", likufuna kuti muime mbali imodzi pachiganizo choyamba pomwepo: "Sikoyenera kuti mavenda azigulitsira m'mphepete mwa misewu ya mu Limbe chifukwa zimaika iwo eni ndi oyenda pansi pa ngozi." Mukhozanso kuima mbali inayo, ndipo palibe mphunzitsi wabwino amene angakuchotsereni malikisi chifukwa cha mbali imene mwasankha. Chimene chimachotsetsa malikisi ndi "Pali ubwino komanso kuipa kwake", kenako mfundo ziwiri zovomereza ndi ziwiri zotsutsa, wowerenga osadziwa kumene mwaima.

Funso loti "siyanitsani" likufuna zinthu ziwirizo zitchulidwe m'chiganizo choyamba, pamodzi ndi kusiyana kwakukulu, ndipo chiganizo chilichonse chotsatira chikhale ndi mbali zonse ziwiri zolumikizidwa ndi "pamene" kapena "pomwe". Funso lochokera pa nkhani imene mwapatsidwa kuti muwerenge likufuna mfundo za m'nkhani momwemo, zonenedwa m'mawu anu, osati zimene mukudziwa kuchokera kwina.

8. Werenganinso ndi chala

Mphindi imodzi yomaliza igwiritseni motere. Phimbani ndime yonse kusiya chiganizo choyamba, muwerenge funso, kenako chiganizocho. Zikuyankhana? Mukatero ikani chala pa chiganizo chachiwiri, muchiwerenge mutayamba ndi "chifukwa", ngati kuti chikupitiriza choyamba chija. Chitaninso ndi chachitatu ndi chachinayi. Chiganizo chimene chikumveka chachilendo mukachiyamba ndi "chifukwa" ndiye mlendo m'ndimemo. Yesani ndi "Boma liyenera kuletsa kuotcha makala" mumve mmene chikukanira.

Yang'ananinso mawu monga "izi", "zimenezi" ndi "iwo". Akapezeka, dzifunseni ngati munthu wina angadziwe chimene akuloza. M'yankho lofooka lija, "Izi zimabweretsa kukokoloka kwa nthaka" ikhoza kuloza umphawi kapena kudula mitengo, ndipo wochonga sadzakusankhirani. Bwerezani dzina lenilenilo. Zotsala ndi zodziwika kale: chilembo chachikulu poyamba, mpumiro pothera, ndipo ndime ilembedwe mosadukiza, osati mzere uliwonse ndi kampira kake kumayambiriro. Mfundo za pensulo zija zifufuteni ngati aphunzitsi safuna zolemba m'mbali.

Kwa inu amene mukuthandiza mwana kunyumba, musamulembere chiganizo choyamba, ngakhale chili pakamwa panu. Tembenuzani pepala, mumufunse funsolo pakamwa, mumuuze kuti ayankhe ndi mpweya umodzi. Zimene anene koyamba nthawi zambiri zimakhala zosakwanira, ndiye inu ingofunsani kuti "chifukwa chiyani?" Akayankha, muuzeni alumikize ziwirizo n'kulemba. Pa mfundo zotsatira ntchito yanu ndi kafunso kaja ka "ndiye zitani?" mpaka afike pa munthu kapena chinthu chimene funso latchula. Simufunika kulidziwa phunzirolo kuti muchite zimenezi, ndipo ngati funso lili m'Chingerezi, muloleni ayambe wayankha m'Chichewa pakamwa, asanje mfundo zake, kenako alembe m'Chingerezi payekha.

Nthawi ikakutherani m'kalasi, belu latsala pang'ono kulira ndipo funso la ndime simunaliyambe, musalisiye loyera ndipo musathamangire kundandalika mawu. Lembani chiganizo choyamba chathunthu, ndi "chifukwa" wake, kenako mfundo imene mukuidziwa bwino koposa muifikitse mpaka kumapeto. Ikatsala mphindi, onjezerani yachiwiri.